Nsalu ya alamu anga

Lero ndi pa 9 Okotobala. Ndadya, ndasamba, ana agona, koma mawu amene alamu anga andisiyira pakhonde masana akundizungulirabe m'mutu. Akuti, "Ndiye buku lanulo laposa chibale?"

Anafika dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa mwezi uno kumene ife a ku Salima timakudziwa, koti ngakhale chitsulo cha makina chimaotcha dzanja. Anatsika kabaza kuchokera ku Kamuzu Road, jumbo ili m'manja, nkhope ili mwee. Ine ndinali pa nambala 41, nashonale ya mayi wina wa ku Lifuwu, ndikulumikiza mkono wakumanzere. Ndinadzutsa mutu n'kuwalonjera pompo. "Alamu, takulandirani, khalani pabenchipo. Ndingomaliza msoko uwu." Sindinasiye kupalasa. Msoko wa mkono ukausiyira pakati, nsalu imasuntha pansi pa singano, ndipo pobwerera umapeza phewa lachita makwinya. Ndinafika kumapeto, ndinabwereza kuti ulusi usasosoke, ndinadula, kenako n'kutembenuka thupi lonse kuyang'ana iwo.

Nsalu yake ndi yabwino, sindinama. Mamita anayi, yobiriwira, ya maluwa akuluakulu ofuna kuwalinganiza bwino podula. Akufuna nashonale yokhala ndi laining'i, avale pa 15, tsiku la anakubala, chifukwa ana awo a ku Lilongwe akubwera kudzawatenga kupita ku Senga Bay.

Ndinachita zimene ndimachitira aliyense. Ndinawayeza pachifuwa, m'chiuno, m'mapewa, kutalika kwa siketi ndi kwa mkono, n'kulemba m'buku pa nambala 49. Ndinadula kachidutswa pakona ya nsalu n'kukabaya ndi pini pambali pa dzina lawo, kuti nsalu zikachuluka ndisasokoneze. Ndinajambula sitayilo imene anandionetsa pafoni. Zonsezi sizipitirira mphindi zisanu, ndipo sindizizengereza, chifukwa munthu akabwera amafuna adziwe zinthu ziwiri: kuti wamveka, ndi tsiku loti adzatenge. Kusoka kwenikweniko kutha kudikira.

Vuto linabwera pa tsikulo. Ndinati pa 17.

Anaseka kaye, kuganiza kuti ndikucheza. Ndiye ndinawatembenuzira buku kuti aone okha. Ikatha 41, patsala zovala zisanu ndi ziwiri zimene ndinalonjeza kuti zituluka pasanafike pa 15: manashonale anayi ndi madiresi wamba atatu. Nashonale ya laining'i imandidyera maola anayi, kuyambira kudula mpaka kusita. Diresi wamba maola awiri ndi theka. Zonse pamodzi ndi maola 23 ndi theka. Masiku ogwira ntchito atsala anayi, popeza Lamulungu sinditsegula. Ndipo ngakhale ndimafika 7 koloko n'kuweruka dzuwa likulowa, maola amene phazi limakhaladi pachopondera, kapena sizasi ili m'manja chifukwa cha zovala za m'bukumo, sapitirira asanu ndi limodzi patsiku. Ena onse amathera kulandira anthu, kuyeza amene abwera kudzayesa, kukoleza makala a simbi, kudya, ndi timaganyu ta madzulo. Masiku anayi, maola asanu ndi limodzi patsiku, ndi maola 24. Patsala theka la ola. Nashonale yawo ilowa pati?

"Inu alamu, mungoilowetsa pakati. Ndani adziwe?"

Adziwa ndi mwini nambala 48, mayi wa Chigwirizano wa ku Khombedza amene anabweretsa nsalu yake mwezi watha, n'kulipira theka, ndipo adzakwera minibasi pa 14 ali ndi chikhulupiriro chonse. Ndikalowetsa wina pakati, maola anayiwo sachokera kumwamba. Amachoka kwa munthu wakumapeto kwa mzere, amene palibe pakhondepo kuti adziyankhulire. Ndi zimene zimandivuta pa ntchito yathuyi. Amene waima patsogolo pako ali ndi nkhope ndi mawu, pomwe enawo angokhala manambala m'buku, ndiye mtima umathamangira kwa amene ukumuona.

Alamu sanachoke. Anati apume kaye dzuwa lipepe, ndipo ine ndinabwerera ku mkono wakumanja. Ndinali nditaulemba ndi choko kunsi kwake ndisanaime, apo bii ndikanayamba kuutembenuzatembenuza kufuna kudziwa kutsogolo ndi kuti. Foni inalira kawiri, mauthenga a pa Watsapu. Sindinaigwire. Ndimaiona chovala chikatha, kapena ndikamasita, chifukwa uthenga sungaole pa ola limodzi. Kunabwera mtsikana wofunsa mtengo wa diresi ya chinkhoswe cha mu Disembala, ndinamuyankha phazi likupalasa. Kunabwera bambo wina ndi jinzi yothyoka zipi, ndinamuuza aisiye mudengu, adzatenge 4 koloko.

Kenako kunafika kamnyamata ka pulayimale, kabudula wa yunifomu atang'ambika kumbuyo kuchokera m'chiuno mpaka pansi, kakuphimba ndi kope. Nakonso ndinakauza kuti kathamange kunyumba kakasinthe, kabweretse kabudulayo isanakwane 3.

Itakwana 3, nashonale ya ku Lifuwu inali yatha, yapachikidwa. Ndinakoka dengu. Apa ndi pamene alamu anaimirira.

"Awa abwera ine ndili pompano. Zawo mukusoka lero. Ine mlamu wanu mukuti pa 17. Mzere wanuwo uli pati?"

Funso lake ndi loona, ndipo ndi limene landisowetsa tulo. Ndinayesa kuwafotokozera kuti mizere ndi iwiri. Wa m'buku ndi wa zovala zatsopano, woyamba kubwera ndiye woyamba kusokeredwa. Wa mudengu ndi wa tinthu tosapitirira mphindi khumi ndi zisanu: zipi, mpendero, chigamba, batani. Timeneti ndinatipatsa ola lakelake, kuyambira 3 mpaka 4, ndipo olalo ndinalichotsa kale powerengera maola a m'buku, choncho silibera munthu aliyense. Kuika kabudula wa mwana kumbuyo kwa manashonale anayi kungakhale nkhanza, mwana angajombe kusukulu sabata yathunthu chifukwa cha msoko wa mphindi zisanu. Komanso kumusokera nthawi yomweyo imene wafika kungandiwonongere tsiku.

Anthu saona chimene chimatayika ukasintha ntchito pakati. Kuti ndichoke pa chitenje kupita pa jinzi ndiyenera kuchotsa ulusi wapamwamba, kusintha bobini, kuchotsa singano ya nambala 14 n'kuika ya 18, chifukwa yaing'onoyo imathyoka pa nsalu yolimba. Kenako ndiyese pa kachigamba kuona ngati ulusi wakoka bwino. Wapamwamba ukalefuka, pamwamba pamaoneka bwinobwino koma ukatembenuza nsalu umapeza ulusi wawunjikana kunsi, ndiye uyambe kusosola. Ukamaliza jinziyo ubwezenso zonse mmene zinalili. Zipi ya mphindi khumi yadya theka la ola. Anthu otere akabwera asanu patsiku, aliyense pa nthawi yake, nashonale ija siituluka. Koma ndikawasonkhanitsa mudengu, ndimasanja za ulusi wakuda pamodzi, za singano yaikulu pamodzi, n'kusintha kamodzi kokha.

Alamu anamvetsera, koma maso awo anali kutsidya kwa msewu, kwa mnzanga wina amene amasoka kumeneko. Iye sakana munthu. Aliyense amamuuza kuti "mawa", ndipo pofuna kuti kasitomala akhulupirire, amadula nsaluyo iye akuona. Ndimamukonda, timabwerekana ulusi, koma ndikalowa mwake mtima umandiwawa. Pansi pa tebulo pali milu ya nsalu zodula kale, iyi ilibe kolala, iyo ilibe mkono umodzi, pomwe pachingwe chopachika zomaliza pali ziwiri kapena zitatu basi. Chizindikiro chake ndi chimenecho: zodula zambiri, zomaliza zochepa. Ndipo nsalu yodula ndi ndende, mwini wake sangaitenge kupita nayo kwina. Ine sindidula nsalu nthawi yake isanakwane, ndipo patebulo panga pamakhala chovala chimodzi chodula. Munthu akasintha maganizo, amatenga nsalu yake yathunthu pamodzi ndi ndalama yake.

Ndi zimene alamu anachita. Ndinawauza njira zimene ndinali nazo: adikire pa 17, kapena ndiwapendere nsaluyo lero lomwe mu ola la dengu, avale ngati chitenje ndi duku pa 15, nashonale tidzasoke pambuyo. Kapena, wina wa m'buku akaimba kuti sakufulumira, malowo ndi awo, ndipo ndiwaimbira nthawi yomweyo. Anati sanagule nsalu yokwera mtengo chonchi kuti akaimange m'chiuno ngati akupita kudimba. Anapinda nsalu yawo, n'kunena mawu aja a buku ndi chibale, n'kuwoloka msewu.

Sikuti mzere wanga sudumphika. Pakagwa maliro, munthu n'kubwera ndi nsalu yofunika tsiku lomwelo, ndimamaliza msoko umene ndili nawo, ndimapinda zonse za chovalacho mujumbo imodzi kuti tizidutswa tisabalalike, n'kuyamba za malirozo. Koma ndisanapalase ndimaimbira amene tsiku lake lasuntha, amve kwa ine asanawononge ndalama ya minibasi. Ambiri amati zikomo potiuza. Chimene chimakwiyitsa anthu si kuchedwa kwenikweni, koma kufika pakhonde n'kupeza nsalu yawo ili mmene anaisiyira, telala akuseka. Kodi ulendo wa ku Senga Bay ndi maliro? Ayi. Koma alamuwa ndi amene anagona nane kuchipatala pamene ndinkabereka mwana wanga woyamba, ndi amene ankanditengera phala m'mawa. Zimenezo m'buku mulibe.

Kamnyamata kaja kanatenga kabudula wake, bambo wa jinzi anabwera mochedwa ndikutseka. Ndinayamba kudula 42 kusanade, koma manja anali olemera.

Usiku uno bambo a kunyumba kuno amva kale nkhaniyi, mlongo wawo anawaimbira ine ndisanafike. Sanandikalipire. Angofunsa kuti, "Nanga Lamulungu masana, mukachoka kutchalitchi?" Maola anayi alipodi pamenepo, ndipo ndi anga, sindibera wa ku Khombedza kapena wina aliyense. Koma dzulo ndinabweza amayi awiri ndi mawu omwewo a pa 17, mmodzi wa iwo kasitomala wanga wakalekale, ndipo Salima ndi yaing'ono, adzaiona nashonale yobiriwirayo n'kuzindikira msoko wanga. Komanso msana wangawu umadalira Lamulungu lomwelo kuti ufike pa 14. Ndawayankha kuti ndiganiza. Mwina pofika mawa nsaluyo ikhala italowa kale sizasi kutsidya kuja, ndiye ngakhale nditavomera ndidzasoka chiyani?