Bulosha ya shopu ya feteleza yandidyera sabata

Sabata ino ku ntchito kwathu kopulinta zinali zomwe zija, makalendala, makhadi a ukwati, magetsi kuthimathima. Koma yomwe yanditopetsa ndi bulosha ya bambo ena ogulitsa mbewu ndi feteleza pa Kasungu boma pano, amafuna tiikonzenso poti chaka chatsopano chayandikira.

Ndi ya A4 yopinda patatu, yobiriwira, kutsogolo kuli chimanga chosenda makoko, dzina la shopu pamwamba. Ndiye kwabwera mwana wawo ali ndi dizaini mufoni, yakuda ndi golide, chizungu chokhachokha, akuti zakalezo n'zachimidzi. Ndinamuuza kuti achimwene, makasitomala a mdala wanuyu ndi alimi a ku Santhe, Chamama uko, ena kuwerenga n'kovutirapo, pepalali amalidziwira mtundu ndi chimangacho, mukachotsa ziwirizi aziyesa ndi shopu ina. Mwamwayi mdala uja anali mbali yanga.

Chomwe chinandikwiyitsa n'chakuti fayilo yakale kulibe. Inali mu kompyuta yomwe inapsa, ndipo abwana athu nkhani yogula hadi dilaivu yosungira ntchito za makasitomala amangoti tiona, mpaka lero. Basi ndinachita kusikana pepala lakale pa 600 dpi n'kujambulanso logo pamanja mu pulogalamu ya CorelDRAW kuti isaoneke mbuu. Mtundu ndiye unandizunza. Kope lomwe linali pakhoma la shopu linasuluka ndi dzuwa, ndinapempha lina lomwe limakhala mu dirowa, n'kupulinta timabokosi tobiriwira ta CMYK yosiyanasiyana, kutanthauza kasakanizidwe ka inki zinayi zopulintira, pa pepala lomwe tigwiritse ntchitolo, kenako kukafananiza panja masana. Zapa sikilini musamazikhulupirire, zimawala kuposa inki. Lomwe linagwirizana linali C85 M10 Y100 K10, ndalilemba mu kope langa poti za kompyuta muno n'zosadalirika.

Kutsogolo ndangosintha chaka basi. Mkati ndimo ndasesa, manambala a foni akufa ndachotsa, ndaika a Airtel Money ndi Mpamba, zithunzi zatsopano za matumba a NPK ndi Urea. Zithunzizo anayamba atumiza pa WhatsApp wamba zitafinyika, ndinati tumizaninso ngati Document apo ayi sizifika 300 dpi, mlingo woti chithunzi chituluke bwino populinta. Mapanelo, zigawo zitatu zopindazo, ndi 100, 100 ndi 97 mm, kakang'onoko ndi kolowa mkati, mukawayeza mofanana pepala limatukumuka popinda.

Mitengo ndinakana kuiika m'bulosha. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 uja mtengo wa thumba sukhalitsa, ndipo mlimi akabwera ndi pepala lolembedwa mtengo wakale mumakangana naye pa kauntala. Taika pa kapepala kapadera kolowetsa mkati, kongopanga fotokope zikasintha.

Mwana uja ananyamuka atakwinya nkhope. Abwana nawo atchaja ngati ntchito yongosintha deti, kujambulanso logo konse kuja sikunawerengedwe n'komwe.