Chubu ya msampha ndayimvetsa tsopano

Mtima wakhala pansi anzanga, nkhani ya chubu ya msampha yalowa m'mutu. Za Jane Goodall, amene mu 1960 anaona chimpanzi chikuvuula chiswe ndi kaudzu ku Gombe, m'dziko la Tanzania, tonse tikuzidziwa. Funso lovuta ndi lakuti nyama ikagwiritsa ntchito chida, imakhala ikumvetsa zimene ikuchita kapena yangoloweza?

Ofufuza amapima zimenezi ndi chubu ya msampha. Chubuyo ndi yoonekera mkati, yaikidwa chopingasa, chakudya chili pakati ndipo chapafupi pali dzenje. Nyama ikakankha chakudyacho molunjika kudzenje, chimagwera m'menemo, osatulukanso. Poyamba achimpanzi ambiri ankalephera, moti ena anati sazindikira kuti dzenje limameza zinthu. Komatu chubu yoyambayo inali yopanikiza, yofuna kuti alowetse kamtengo n'kukankhira chakudya kutali ndi iwo, pomwe chizolowezi chawo ndi kukokera chakudya kwa iwo eni. Mu 2009 wofufuza wina, Amanda Seed, ndi anzake anachotseratu kamtengoko n'kulola achimpanzi kusuntha chakudya ndi zala, ndipo anakhoza bwino. Chimene chinkawasokoneza ndi kugwira chida uku akuyang'anira dzenje nthawi imodzi. Mayeso aja ankapima zinthu ziwiri pamodzi, ife n'kumati akupima nzeru basi.

Kukhoza nakonso kumanamiza. Nyama ikayesa maulendo ambirimbiri ikhoza kungoloweza kuti mbali imene ili ndi kachinthu kolendewera pansi njoipa. Apa m'pamene ofufuza amasintha maonekedwe a chipangizocho, koma vuto lake n'kukhala lomwelo. Alex Taylor anachita zimenezi ndi akhwangwala asanu ndi mmodzi a ku New Caledonia, aja osema zida zokhala ndi ngowe. Atatu anakhoza chubu yoyamba. Atawasinthira mitundu ya chubu anakhozabe. Kenako anawapatsa tebulo la matabwa lokhala ndi dzenje, losafanana ndi chubu ngakhale pang'ono, ndipo anasankha kukoka kachidutswa ka nyama kumbali yopanda dzenje. Kwa ine njira yosintha chipangizoyi ndiyo yeniyeni. Kafukufuku amene alibe gawo limeneli sindikumukhulupiriranso, ngakhale kanema wake atakhala wochititsa kaso chotani.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anathera phunziro lonse pa mayina ndi zaka, kapimidwe kake n'kungokadutsa mothamanga nthawi itatha kale. Mayeso a kumapeto kwa teremu ayandikira, ndipo zoterezi munthu ukuzifukula wekha usiku.

Pali gawo limodzi limene likundizunguzabe. Akhwangwala atatu aja anapatsidwanso chubu ya maenje awiri, lina lotseka pansi, lina loboola moti nyama ikagweramo imatulukira kunja n'kudyeka. Apa analephera kusiyanitsa. Ndiye kaya amamvetsadi kuti dzenje limatsekera chakudya, kaya anangogwira lamulo loti dzenje lililonse n'lopewa? Mwinanso kupewa maenje onse ndi nzeru ndithu kwa mbalame imene yataya kale nyama kambirimbiri. Pamenepa mutu wanga sunaime pamodzi.