Pakati pa "analephera" ndi "anapambana"

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mawu ambiri olimbikitsa achinyamata amaiwalika anthu asanatuluke n'komwe. Za moni ndi kuyang'ana anthu kumaso sindinenapo, mukuzidziwa kale. Vuto ndi lakuti wolankhula amati "analephera", kenako n'kulumphira pa "anapambana", za pakati osanenako. Chonsecho amene walephera mayeso ali pakati pomwepo. Kumuuza kuti "yesanso" n'kumutuma kukabwereza zomwe zinamugwetsa zija.

Chinanditsegula maso ndi nkhani ya James Dyson wa ku Britain, amene anapanga makina okoka fumbi opanda thumba. Aliyense amatchula zoti anapanga makina oyeserera 5,127 asanapeze oyenera, omvera n'kuwomba m'manja. Koma nambalayo payokha imangoopseza. Chothandiza n'chakuti ankasintha chinthu chimodzi chokha ulendo uliwonse, kuti adziwe ngati chimenecho chakonza kapena chaononga. Ukasintha zisanu nthawi imodzi, sudziwa chakupulumutsa n'chiti.

Ndiye mphindi zitatu zimene andipatsa kuti ndilankhule mawu olimbikitsa achinyamata ndazigawa motere. Theka la mphindi ndi la Dyson, osapitirira. Mphindi ziwiri zathunthu ndi za mawu awa: "Anzanga, amene masamu sanakuyendereni, katengeni pepala lija munabisa. Pa funso lililonse limene munalakwa dzifunseni: kodi sindinkadziwa, ndinkadziwa koma ndinapupuluma, kapena nthawi inandithera? Ngati mwa mafunso 10 olakwa, 6 ali kumapeto ndipo simunawakhudze n'komwe, vuto si mutu wanu ayi. Kuwerenga usiku wonse sikungakuthandizeni. Muzichita mafunso wotchi ili patsogolo panu." Theka lotsalalo ndiwapempha kuti aliyense atchule mumtima chinthu chimodzi chimene asinthe sabata ino. Chimodzi basi.

Pokonzekera ndimadzijambula mawu pafoni n'kumvetsera, ndipo ine ndimati njira yoposa imeneyi kulibe, kaya ena anene zotani. Pamene ukuyamba kutopa ndi mawu ako omwe, dziwa kuti omvera anatopa kalekale, dula pomwepo. Mawu monga "musataye mtima" pafoni amamveka opanda kanthu mkati, pomwe papepala amaoneka abwinobwino.

Chimandinyansa n'chakuti m'kalasi anatikhomerera za mawu oyamba, thunthu ndi mawu omaliza, chaka ndi chaka, koma palibe mphunzitsi anatifunsapo kuti womvera akachita chiyani mawa m'mawa. Nthawinso imene amapatsa wolankhula njochepa, zolengeza zimadya yonse.

Pali pamodzi pamene pakundisowetsabe mtendere. Dyson anali ndi mkazi wake amene ankagwira ntchito yophunzitsa zojambula n'kumathandiza pakhomo zaka zonsezo. Nanga mtsikana amene wasintha chinthu chimodzi chija, n'kulepheranso, ndipo mwayi wachitatu palibe womulipirira? Ndimutchule m'mphindi zitatuzo, kapena ndikangomupeza payekha tikamaliza? Apa sindinaganize bwinobwino.