Ziro ndi 3 a pakona: pamene ndimayambira chingwe cha Silithalinki

Silithalinki ndi masewera a pensulo amene kampani ya ku Japan yotchedwa Nikoli inayamba kusindikiza mu 1989. Pofufuza pa foni mulembe `Slitherlink`. Mumapatsidwa timadontho tondandalikidwa ngati mabokosi a m'kope la masamu, ndipo mabokosi ena amakhala ndi nambala kuyambira 0 mpaka 3. Ntchito ndi kulumikiza timadontho toyandikana kuti patuluke chingwe chimodzi chozungulira n'kubwerera pamene chinayambira, chosaduka, chosachita nthambi, chosadzidutsa. Nambala imanena kuchuluka kwa mbali za bokosilo zimene chingwe chadutsapo. Bokosi lopanda nambala si ziro ayi, langokhala chete, likhoza kukhala ndi mizere ingapo kapena osakhala nawo.

Ine sindiyambira pakati. Ndimayang'ana makona anayi kaye, chifukwa cha lamulo limodzi la kadontho: chingwe chikalowa pakadontho chiyenera kutulukapo, ndiye kadontho kalikonse kamakhala ndi mizere iwiri kapena kopanda mzere. Kadontho ka pakati kali ndi njira zinayi, ka m'mphepete zitatu, koma ka pakona penipeni kali ndi ziwiri zokha. Pakonapo chingwe chimatenga njira zonse ziwiri kapena kuzisiya zonse. Kulibe zoti chitenge imodzi.

Kope la masamu la timabokosi, lomwe lija amagulitsa m'misika ya Limbe ndi Ndirande, ndi lokwanira. Koperani ichi, mabokosi anayi m'litali ndi anayi m'lifupi, ndipo muchikuze kuti pakati pa timadontho pakwane kamtanda. Mabokosi ndiwatchula ndi chilembo kuchokera kumanzere, A mpaka D, ndi nambala kuchokera pamwamba, 1 mpaka 4.

```
+   +   +   +   +
  0   2       3
+   +   +   +   +
      3
+   +   +   +   +
          3
+   +   +   +   +
              0
+   +   +   +   +
```

Ndisanajambule mzere ndi umodzi womwe, ndimayamba ndi ziro wa pa A1. Ndimaika kamtanda pa mbali zake zonse zinayi, kusonyeza kuti chingwe sichidutsapo. Ambiri amathera pomwepa, koma ziro wa pakona amapereka timitanda tisanu ndi kamodzi. Taonani kadontho ka m'mphepete mwa kumtunda, pakati pa A1 ndi B1. Njira yake ya kumanzere yatsekedwa, yotsika yatsekedwa, yatsala imodzi yolowera kumanja. Chingwe chitabwera ndi njira imeneyo chingasowe kotulukira, choncho pamwamba pa B1 ndaikapo kamtanda. Kumanzere kwa A2 chimodzimodzi. Ziro wa pa D4 ndimuchita zomwezo nthawi yomweyo: mbali zake zinayi, kenako kumanja kwa D3 ndi pansi pa C4.

Timitandati musatione ngati kutaya nthawi. Amene amangosunga m'mutu kuti apa sipadutsa chingwe, akafika kutsogolo amaiwala, n'kuyamba kuwerenga kadontho ka njira ziwiri ngati ka njira zinayi. Zolakwa zambiri za oyamba zimabadwira pamenepo.

Tsopano 3 wa pa D1. Kadontho ka pakona kali ndi njira ziwiri, ndipo zonsezo ndi mbali za bokosi limeneli, ya pamwamba ndi ya kumanja. Chingwe chikazisiya zonse, bokosilo litsala ndi mbali ziwiri zokha, pamene likufuna zitatu. Ndiye palibe kuchitira mwina, ndajambula pamwamba ndi kumanja kwa D1. Mzere wachitatu ukhoza kukhala kumanzere kapena pansi, ndipo pakadali pano sindiukhudza. Dzanja limayabwa kuti lingomalizitsa, koma kulota pamenepa ndi kumene kumakufufutitsani tsamba lonse pambuyo pake.

Chimene chimandikomera kwambiri m'masewerawa ndi ichi: ziro amapanga kona pamene panalibe kona. B2 ali ndi 3, ndipo sali m'mphepete n'komwe, koma akugundana ndi ziro wa A1 pa kadontho kamodzi. Kadontho kameneko kanali ndi njira zinayi. Yokwera ndi mbali ya ziro, ya kumanzere ndi mbali ya ziro, zonse zili ndi timitanda. Zatsala ziwiri, ndipo zonse ndi za B2, ya pamwamba ndi ya kumanzere. Ndi nkhani yomwe ija ya D1, ndiye ndajambula mizere iwiriyo. Mukatembenuza kope muona kuti C3 ndi ziro wa D4 ali chimodzimodzi, choncho kumanja ndi pansi pa C3 ndajambulanso. Sindiloweza malamulo awiri, la 3 wa pakona ndi la 3 wogundana ndi ziro. Ndimangofunsa kuti kadonthoka katsala ndi njira zingati.

Pofika apa ndili ndi mizere isanu ndi umodzi, yomwazikana m'zidutswa zitatu zooneka ngati mabondo. Kuti zilumikizane, ndibwerera ku B1, amene ali ndi 2. Kumanzere kwake kuli kamtanda ka ziro, pamwamba pali kamtanda kaja ka m'mphepete, pansi pali kale mzere, umene uli pamwamba pa B2. Mbali yatsala ndi ya kumanja yokha, ndiye ndi mzere. Apa ndi pamene kamtanda kowonjezera kaja kabweza phindu. Kupanda iko, B1 akanaoneka ngati ali ndi njira ziwiri zosankha, ndipo munthu akanaima.

Mzere watsopanowu uli ndi nsonga ziwiri, ndipo zonse zili ndi chonena. Nsonga ya pansi yakumana ndi mzere wa pamwamba pa B2, ndiye kadontho ako kadzaza. Njira ziwiri zotsalazo ndazitseka: pansi pa C1 ndi kumanja kwa B2. Kumanja kwa B2 kukatsekeka, 3 wake akwanira ndi mbali ya pansi, ndajambula. Nsonga ya pamwamba yafika m'mphepete, kumanzere kuli kamtanda, ndiye ikhotera kumanja kudutsa pamwamba pa C1, n'kukagwirana ndi mzere wa pamwamba pa D1. Kadontho kamene agwiranapo kadzaza, choncho kumanzere kwa D1 ndi kamtanda, ndipo mzere wachitatu uja ndinausiya wadziwika wokha kuti uli pansi pa D1.

Tikanalota poyamba paja kuti mzerewo uli kumanzere kwa D1, kadontho ka m'mphepete kakanakhala ndi mizere itatu, wochokera ku C1, wa pamwamba pa D1 ndi wotsikawo. Kadontho ka mizere itatu ndi chizindikiro choyamba chakuti penapake zalakwika. Choipa chake n'chakuti pamene chikuonekera si pamene panalakwika. Pa bwalo lalikulu la mabokosi khumi mbali zonse cholakwa chimatha kuyenda mtunda chisanatulukire. Ine zikatero sindifufuta mzere umodzi wokhawo, ndimabwerera mpaka pa mzere womaliza umene ndingathe kunena chifukwa chake.

Zotsala zikuyenda mofulumira. Mzere wa pansi pa D1 walowera kumanzere, wapeza njira yokwera yatsekedwa, ya pansi pa C1 yatsekedwanso, ndiye utsika kumanja kwa C2. Pamenepo wakumana ndi mzere wa kumanja kwa C3, kadontho kadzaza, pamwamba pa C3 patsekeka, ndipo 3 wa C3 atenga mbali ya kumanzere. Mzere umenewo ukwera n'kukagwira nsonga ya mzere wa pansi pa B2. Chingwe chatsekeka ndi mizere 12.

```
+   +   +---+---+
  0   2 |     3 |
+   +---+   +---+
    | 3     |
+   +---+   +   +
        | 3 |
+   +   +---+   +
              0
+   +   +   +   +
```

Ndisanatseke chingwe chilichonse ndimayang'ana kaye ngati patsala nambala yosakwanira kapena chidutswa cha mzere kunja kwake. Pano palibe, ndiye kutseka n'kololedwa. Pa bwalo lalikulu nthawi zambiri zimakhalapo, ndipo malo amene akanatseka kachingwe kakang'ono msanga amayenera kamtanda. Ndimawerenganso mizere yoimirira m'ndandanda uliwonse wa mabokosi. Iyenera kukhala iwiri, inayi kapena kusakhalapo, osati umodzi kapena itatu, chifukwa mukalowa m'kati mwa chingwe muyenera kutulukamo musanafike tsidya lina. Pano mindandanda itatu yoyamba ili ndi iwiriiwiri, wachinayi ulibe.

Pali misampha iwiri yoyandikana ndi zimene ndafotokozazi. Woyamba ndi 3 wa m'mphepete amene sali pakona. Timadontho take ta kunja tili ndi njira zitatu, ndiye pa iye yekha sakukakamizani mzere uliwonse, ngakhale wa m'mphepetewo. Zimasintha ngati kamtanda katseka njira yachitatuyo. Mwachitsanzo, pakanakhala 3 pa C1 m'bwalo lina lokhala ndi ziro pa A1, kamtanda ka pamwamba pa B1 kakanasandutsa kadontho kotsatira kukhala kona, ndipo pamwamba ndi kumanzere kwa C1 pakanakhala mizere.

Wachiwiri ndi kusokoneza ziro wogundana ndi 3 pa kadontho ndi ziro wogawana naye mbali yathunthu. Akagawana mbali, 3 amatenga mbali zake zitatu zotsala nthawi yomweyo, ndipo nsonga ziwiri za mizereyo sizingalowere kwa ziro, ndiye zimakhotera kunja, ina uku ina uko, ngati m'mphepete mwa chipewa. Imeneyo ndi mizere isanu yaulere. Koma nsonga zonse ziwiri zimafuna malo okhotera. Ziro ndi 3 akakhala moyandikana m'ndandanda womwewo wa m'mphepete, monga ziro pa A1 ndi 3 pa B1, nsonga ya kumtunda iyenera kutuluka kunja kwa bwalo, zomwe sizitheka. Mukaona zotere m'kope mwanu, musavutike kufuna yankho: mwalakwitsa pokopera, bwererani mukaonenso manambala.

Makona ena akhoza kukhala ndi 1 kapena 2, ndipo funso la kadontho ndi lomwelo. Pa 1 wa pakona, mbali ziwiri za kunja zikanakhala mizere zikanapitirira nambala, ndiye zonse ndi timitanda. Pa 2 wa pakona simudziwa msanga ngati chingwe chazungulira kunja kapena m'kati mwa bokosilo, koma njira zonse ziwiri zimatulukira pa timadontho tomweto, choncho mizere iwiri ya m'mphepete yotsatana ndi bokosilo, wa bokosi la pambali ndi wa bokosi la pansi pake, ndimaijambula pompo.