Bajeti ya sukulu yoyambira pa ziro, mmene ndimaipangira

Ndimayendetsa sukulu ya pulaimale yomwe si ya boma ku Chirimba, ndipo bajeti ya chaka cha maphunziro choyamba mu Seputembala ndimaiyamba mu Juni. Ya chaka chatha ndimaitsekera kaye m'kabati. Chizolowezi cha ambiri n'kutenga manambala akale n'kuwonjezerapo 20 peresenti paliponse, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinaona tokha kuti zinthu sizikwera mofanana: mapepala ndi inki, zochokera kunja, zinalumpha, pamene malipiro a mlonda sanasunthe.

Njira yoyambira pa ziro inatchuka ndi Peter Pyhrr wa ku kampani ya Texas Instruments ku Amereka cha m'ma 1970, ndipo Jimmy Carter anaigwiritsa ntchito ali bwanamkubwa wa Georgia. Mutu wake ndi umodzi: mzere uliwonse wa bajeti umayamba wopanda ndalama, ndipo woufuna afotokoze ntchito yake, kuchuluka kwake ndi mtengo wake wa lero.

Ndimayamba ndi ndalama zolowa. Sindiwerengera ana olembedwa m'kaundula, koma omwe makolo awo amamalizadi fizi, ndipo izi buku la malisiti la materemu atatu apitawa limanena mosabisa. Nambala imeneyo ndiyo denga langa.

Kenako ndimalemba ntchito za sukulu, osati katundu ayi: kuphunzitsa, mayeso, madzi ndi zimbudzi, chitetezo, kukonza zowonongeka. Iliyonse ndimaipatsa mwini wake woti aiyimire.

Tengani mayeso. Tili ndi ana 320, maphunziro 6, ndipo mwana amafuna mapepala atatu pa phunziro lililonse, katatu pachaka. Kuchulukitsa zonsezi kumapereka mapepala 17,280. Rimu imodzi imakhala ndi mapepala 500, ndiye ndi marimu 35, kuphatikizapo atatu a mapepala omwe makina amatafuna, 38. Pa makotesheni atatu omwe ndinatenga ku Limbe, yotsika inali K15,000 pa rimu, kutanthauza K570,000.

Apa m'pamene ndimatsegula kabati ija kuti ndiyerekeze. Chaka chatha tinagula marimu 60 m'dzina la mayeso. Ndinaitana achiwiri anga.

"Aphunzitsi, marimu 22 enawa anapita kuti?"

"Ahedi, nanga makalata opita kwa makolo timalemba pa chiyani? Ndi malipoti a ana?"

Palibe anaba. Koma ntchito ziwiri zinkabisala pansi pa dzina la mayeso. Malipoti anapeza mzere wakewake, makalata ambiri tinawasamutsira pa foni, popeza makolo ali kale m'gulu la WhatsApp. Tikanangotengera za chaka chatha, marimu 60 aja akanakhala K900,000 pa mtengo womwewo wina osafunsa kanthu.

Ntchito iliyonse ndimaiwerengera magawo atatu. Loyamba ndi lochepetsetsa, loti kupanda ilo ntchitoyo yaima: mayeso osindikiza a Sitandade 5 mpaka 8 okha, ena onse kulemba pa bolodi. Lachiwiri ndi mmene tikuchitira pano. Lachitatu ndi lomwe tingakonde, monga mayeso oyeserera owonjezera a Sitandade 8 asanakumane ndi a MANEB. Phindu la magawowa limaoneka ndalama zikaperewera: simuchotsa ntchito yonse, mumangotsika sitepe imodzi.

Malipiro ndiwo mzere waukulu, ndipo sindiulemba ngati mulu umodzi. Munthu aliyense payekha, miyezi 12, kuphatikizapo 10 peresenti ya penshoni yomwe wolemba ntchito amapereka ndi 1 peresenti ya TEVETA. Magetsi a ESCOM ndimawerengera mayuniti omwe tinagula, osati makwacha, chifukwa mtengo umasintha koma mababu ndi omwewo. Madzi nawo chimodzimodzi, ndipo ndimawerenga mita Lachisanu madzulo ndi Lolemba m'mamawa. Ikayenda sukulu ili yotseka, ndiye kuti paipi ikudontha penapake, ndipo ndalamayo ipite kwa pulambala, osati ku bilu.

Chovuta kwambiri ndi kusanja. Timakhala pansi ndi komiti ya makolo, magawo onse atalembedwa pa bolodi kuyambira lofunikitsitsa, n'kumaphatikiza mitengo kutsika mmunsi mpaka tafika pa denga lija. Pamenepo timajambula mzere ndi choko, zapansi pake zidikire. Chenjerani ndi zinthu zopanda wozilankhulira. Kupopa zimbudzi ndi kukhoma malata mvula isanayambe zimagwera pansi msanga, chifukwa mu Julayi palibe kalasi ikudontha, pamene mpira uli ndi mphunzitsi wake wodziwa kukamba. Ine ziwirizi ndimaziyika pamwamba kukambirana kusanayambe, pamodzi ndi kandalama kapadera ka kukwera kwa mitengo, kolembedwa poyera osati kobisa m'mizere ina.

Ntchitoyi imadya nthawi, ndipo renti yomwe munasainirana kale simungaiyambire pa ziro. Chaka choyamba ndinafukula mizere yonse. Tsopano ndimafukula yomwe yakula modabwitsa ndi yomwe mwini wake akulephera kundiuza kuchuluka kwa zomwe amagwiritsa ntchito.