Sabata ya #VALUE! mu lipoti la katundu

Ntchito yanga ndi yowerengera katundu wa m'nyumba yosungiramo katundu: makatoni angati alowa, angati atuluka, angati atsala. Zonse zimakhala mu Excel. Kolamu C ndi ya olowa, D ndi ya otuluka, ndipo mu E muli fomula yomwe ndaigwiritsa ntchito zaka zambiri osandivutapo, `=C2-D2`, yokokedwa mpaka pansi. Mwezi uno mizere inalipo 412.

Lolemba mmawa ndinamata manambala omwe anzathu a kolandirira katundu ananditumizira, ndipo kolamu E inadzaza ndi `#VALUE!` m'malo 35. Chondidabwitsa chinali chakuti mukayang'ana C17 mumaona 1250, D17 mumaona 300, manambala abwinobwino, koma E17 osapereka 950. Ndinachita zomwe aliyense amathamangira: kusankha kolamu yonse, kulowa mu `Format Cells`, kudina `Number`. Palibe chinasintha. Kumeneko n'kungosintha chovala basi. Ngati Excel inalandira kale zomwe zili mu selo ngati mawu, zimakhalabe mawu ngakhale muzipatse maonekedwe a nambala. Nthawi zambiri mawu amatsamira kumanzere kwa selo, manambala kumanja, ndipo ndikanazindikira msanga, koma wina wokonda zokongoletsa anali ataika kolamu yonse pakati. Tsikulo linatha choncho, ndili ndi ntchito zinanso.

Lachiwiri ndinasiya kudalira maso, n'kuyamba kuifunsa seloyo. Mu kolamu yopanda kanthu ndinalemba mafomula atatu awa, limodzilimodzi:

```
=ISNUMBER(C17)
=LEN(C17)
=CODE(RIGHT(C17,1))
```

Loyamba linayankha `FALSE`, kutanthauza kuti si nambala. Lachiwiri limawerenga zilembo, ndipo linapereka 5 pomwe 1250 ndi zilembo 4 zokha. Ndiye kuti munali chilembo china chosaoneka. Ndinali nditayesa kale `TRIM`, poganiza kuti ndi mpata wamba, koma `LEN` inakakamirabe pa 5. Fomula lachitatu ndi lomwe linaulula: 160. Mpata wamba, uja timadina ndi chala chachikulu pa kiyibodi, nambala yake ndi 32, ndipo `TRIM` imachotsa umenewo wokha. Wa 160 ndi mtundu wina wa mpata, umene masamba a pa intaneti amagwiritsa ntchito kwambiri kuti mawu asadukire mzere wina. M'maso ndi ofanana ndendende. Ngakhale `CLEAN` siiwukhudza, chifukwa iyo imachotsa zilembo za nambala 0 mpaka 31. Nditafunsa, ndinamva kuti mwezi uno anakopera manambala ena mwachindunji kuchokera pa tsamba la pulogalamu yawo mu bulawuza, m'malo motulutsa fayilo monga mwa masiku onse.

Apa mpamene mnzanga wa pa desiki yoyandikana anadzasuzumira. "Achimwene, mukudzivutitsiranji? Ingoikani `IFERROR` kapena `SUM`, lipoti lipite kwa abwana. SUM sidandaula."

Sananame, siidandauladi. Ndinamuonetsa pa mzere 17 womwewo. `=SUM(C17,-D17)` inapereka -300 m'malo mwa 950. `SUM` ikapeza mawu mu selo imangowalumpha mwakachetechete, pomwe chizindikiro chochotsera chimayesa kuwasandutsa nambala, n'kukuwa chikalephera. Ndi `IFERROR` tikanangolemba 0 pa katundu yemwe alipo ndithu pa shelefu. Mnzangayo anangoti "Eee, ndiye zoopsatu," n'kubwerera pampando pake.

Zimenezi zinandipatsa nkhawa ina, ndipo ndi zomwe zinandidyera Lachitatu lonse. Pansi pa kolamu C pali chiwerengero chonse, `=SUM(C2:C413)`, ndipo chiyambire Lolemba sichinaonetse vuto lililonse. Ndinayerekeza ziwiri izi:

```
=COUNTA(C2:C413)
=COUNT(C2:C413)
```

`COUNTA` imawerenga selo iliyonse yomwe muli kanthu, `COUNT` imawerenga zomwe muli manambala enieni zokha. Zinapereka 412 ndi 374. Kusiyana kwake ndi 38, koma `#VALUE!` inali m'malo 35 okha. Maselo atatu anali mawu, koma osaonetsa vuto paliponse.

Ndinawapeza poika `ISNUMBER` pa mizere yonse n'kusefa ya `FALSE`. Anali 600, 85 ndi 240, olembedwa pamanja ndi kachizindikiro ka `'` kutsogolo. Popeza munalibe chilembo chachilendo, `=C2-D2` inkatha kuwasandutsa manambala payokha, n'kupereka yankho lolondola pa mzere wawo. Koma `SUM` ya pansi inkawalumpha. Tangoganizani ndikanangokonza malo 35 ofuulawo n'kutumiza: mzere uliwonse ukanaoneka bwino, koma chiwerengero chonse chikanaperewera ndi makatoni 925, ndipo tikanayamba kukayikira anthu osalakwa. Timakona tatatu tobiriwira tinalipo pa ngodya za maselo atatuwo, inde, koma m'mizere 412 ndani amationa? Pa maselo a mpata wa 160 panalibe n'komwe chizindikirocho.

Lachinayi ndinakonza. Sindinakhudze kolamu C yoyambirira, ndinatsegula ina pambali n'kulemba:

```
=VALUE(TRIM(SUBSTITUTE(C2,CHAR(160),"")))
```

Limagwira kuyambira mkati: `SUBSTITUTE` ichotsa mpata wa 160, `TRIM` ichotsa mipata wamba ya m'mphepete, `VALUE` isandutsa zotsalazo nambala. Maselo 31 a mpata wa 160 anakonzeka, atatu aja nawonso. Anayi anakanabe.

Anayiwo ankaoneka opanda kanthu, koma `LEN` inapereka 1 ndipo `CODE` inapereka 32. Munthu wina, pofuna kufufuta nambala, anadina batani la mpata m'malo mwa `Delete`. Selo yopanda kanthu kwenikweni Excel imaitenga ngati 0 pochotsera, koma selo ya mpata umodzi ndi mawu, ndipo mukauchotsa mpatawo ndi fomula, `VALUE` imatsala yopanda choti isandutse, n'kubwezanso `#VALUE!`. Kunali kosavuta kuwonjezera `IF` kuti malo oterewa azikhala 0. Sindinatero, chifukwa fomula silingadziwe ngati katunduyo sanabweredi kapena nambala yake inafufutidwa mwangozi. Ndinatsikira kwa mayi amene amasunga zikalata zolandirira katundu. "Mayi, mungandionereko mizere inayi iyi m'mapepala mwanu?" Anafufuza m'mafayilo awo mosafulumira. Itatu inalidi 0. Wachinayi unali makatoni 120 omwe analowa sabata yomaliza ya mwezi.

Nditalemba manambalawo pamanja, ndinakopera kolamu yokonzedwayo n'kuimata pa C kudzera pa `Paste Special`, `Values`. `COUNT` ndi `COUNTA` zonse zinati 412.

Lachisanu lipoti linapita. Ndinaika `Data Validation` pa C ndi D kuti zizilola `Whole number` yokha, ngakhale ndikudziwa kuti imagwira wolemba pamanja, pomwe womata amangodutsa. N'chifukwa chake pamwamba penipeni, pafupi ndi mutu wa lipoti, ndinaikaponso selo ya `=COUNTA(C2:C413)-COUNT(C2:C413)` yomwe imafiira ikapanda kukhala 0. Anzathu a kolandirira katundu ndawapempha kuti abwerere kotulutsa fayilo m'malo mokopera pa bulawuza. Avomera, ndipo fayilo ya mwezi wamawa ibwera pa 3.