Lachitatu: mijigo yasanduka zitsime

Lipoti la mwezi uno lafika m'ma 8 koloko m'mawa, kuchokera ku bungwe lija la madzi ndi ukhondo limene ndimalimasulira. Amalifuna m'Chichewa kuti likawerengedwe pa msonkhano wa makomiti a m'midzi, ndipo mwezi uliwonse limabwera ndi nkhope imodzimodzi: moni, ntchito imene yachitika, tebulo, kenako zopempha kwa mafumu.

Ndatsegula pulojekiti yomwe ija mu OmegaT, pulogalamu ya pa kompyuta yothandiza pomasulira. Sindiyambitsa ina yatsopano, chifukwa zonse zimene ndinamasulira miyezi yapitayi zili mu fayilo ya `project_save.tmx`, imene ine ndimaitcha nkhokwe. Ndachotsa lipoti lakale mu foda ya `source`, ndaikamo latsopano, n'kudina F5. Mwa ziganizo 140, zokwana 96 zatulukira zili kale m'Chichewa, poti Chingerezi chake sichinasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Moni wa mafumu amene ndinavutika naye mu Januwale, kufunafuna ulemu woyenera, wabwera yekha monga ndinamusiyira. Pamenepa nkhokwe ndimaiyamika ndi mtima wonse, chifukwa anthu a m'makomiti amamva mawu omwewo mwezi ndi mwezi ndipo sasokonezeka.

Ntchito yeniyeni inali pa 44 zotsalazo. Ukafika pa chiganizo chimene chasintha pang'ono, pulogalamuyi imakuonetsa chakale chofanana nacho pa zenera la `Fuzzy Matches`, pamodzi ndi maperesenti a kufanana kwake. Ukadina Ctrl+R, Chichewa chakalecho chimalowa m'malo, iwe n'kukonza pamene pasiyana.

Chimodzi chandidyera nthawi. Mwezi watha ndinalemba kuti: "Mijigo yonse inayi imene inawonongeka yakonzedwa ndipo ikugwira ntchito." Mwezi uno akukamba za zitsime. M'Chingerezi asintha liwu limodzi lokha mwa mawu 12, ndiye pulogalamu yandiuza kuti ziganizozi zikufanana pafupifupi 90%. Koma maperesenti amenewa imawerengera Chingerezi chokhachokha, Chichewa changa siyang'anako. Kwathu dzina likasintha gulu, limakoka anzake onse: "Zitsime zonse zinayi zimene zinawonongeka zakonzedwa ndipo zikugwira ntchito." Mwa mawu 9, amene atsala osakhudzidwa ndi awiri basi, "ndipo" ndi "ntchito".

Ine ndinakonza 6, lomaliza n'kulidumpha. Panatsala "zitsime zakonzedwa ndipo ikugwira ntchito". Maso sanachione, chifukwa liwu lililonse palokha linalembedwa bwino. Ndachigwira masana powerenga mokweza, lilime litapunthwa pa "ikugwira". Chimene chimandiopsa n'chakuti cholakwa chotere sichithera pa lipoti limodzi. Chikalowa m'nkhokwe, mwezi wamawa chibwera chokha ngati chiganizo chofanana ndendende, ndipo palibe amene adzachikayikire. N'chifukwa chake nditakonza, ndinadina Ctrl+F n'kusaka "zitsime" m'pulojekiti yonse, kuti ndione ngati sindinasiye china chotero kale. Mwamwayi panalibe.

Mabungwe ambiri omasulira amalipira ndalama yochepa pa ziganizo zofanana kwambiri ngati chimenechi, poganiza kuti ntchito yake ndi yochepanso. Pa Chichewa ine sindivomereza. Chiganizo cha lerochi ndikanachilemba msanga kuyambira pachiyambi kusiyana ndi kusokerera zigamba 7.

Tebulo nalo linali ndi msampha wake. Mu danga lomaliza Chingerezi chili ndi liwu limodzi losonyeza kuti ntchito yatha, lobwerezedwa mzere uliwonse. OmegaT ikaona mawu ofanana, imawapatsa kumasulira kumodzi paliponse, ndiye "yatha" anadzaza tebulo lonse. Pa mzere wa mijigo zinali bwino. Koma pa zimbudzi pafunika "zatha", pa mpanda "watha", pa thanki "latha" kapena "yatha" malinga ndi mmene munthu amatchulira. Njira ilipo: pa `Edit` pali `Create Alternative Translation`, imene imasunga kumasulira kosiyana kwa chiganizo chimenecho chokha, pokumbukira ziganizo zoyandikana nacho ndi dzina la fayilo. Vuto lake n'lakuti mwezi wamawa mizere ikasinthana malo, kapena fayilo ikabwera ndi dzina lina, pulogalamu imabwerera ku "yatha" mwakachetechete. Ndiye ndasankha njira ina. Ndalemba "ntchito yatha" paliponse, kuti mneni azigwirizana ndi "ntchito", kaya mzerewo ukukamba za chiyani.

M'ma 4 koloko ndadina Ctrl+D, lipoti la Chichewa latuluka mu foda ya `target`. Ndaliwerenganso lonse mokweza, kuphatikizapo 96 zija zimene zinabwera zokha, kenako ndatumiza. Ndakoperanso fayilo ya nkhokwe pa fulashi ndisanazimitse kompyuta.